Momwe mungasankhire PDF/A posunga zikalata za ofesi kwa zaka zambiri

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri, pafoni komanso m'maofesi a kaundula, moti tsopano ndaganiza zongolilemba kamodzi kuti aliyense azidziwerengera. Limabwera motere: "Akuluakulu atiuza kuti zikalata zonse tizisunga mu PDF/A. Koma tikatsegula pulogalamu tikupezamo 1b, 2b, 2u, 3b. Tisankhe iti?"

Ngati muli pachangu, yankho ndi ili. Zikalata zimene zinalembedwa pakompyuta zisungeni mu PDF/A-2u, ndipo ngati pulogalamu yanu ilibe 2u tengani 2b. Mapepala amene mwachita kusikana asungeni mu PDF/A-2b. Koma kusankhako ndi ntchito yaing'ono. Ntchito yaikulu, imene ambiri amailumpha, ndi kutsimikiza kuti fayilo imene yatulukayo ndi PDF/A yeniyeni, komanso kuti zimene zili m'kati mwake sizinasinthe popanga. Ndidzachedwa kwambiri pamenepo.

1. Dziwani chimene PDF/A imakulonjezani

PDF wamba imaloledwa kudalira zinthu zimene zili kunja kwake. Ikhoza kungotchula dzina la fonti, n'kuyembekeza kuti kompyuta ya woiwerenga ili nayo. Ikhoza kukhala ndi pasiwedi, vidiyo, kapena timapulogalamu timene timayamba kugwira ntchito fayilo ikatsegulidwa. Lero zonsezi zimayenda bwino chifukwa kompyuta imene inapanga fayilo ndi imene ikuiwerenga n'za m'badwo umodzi. Pakapita zaka 30, fonti ija ingakhale itasowa, ndipo mlembi amene ankadziwa pasiwedi angakhale atapuma pantchito kalekale.

PDF/A ndi PDF yomweyo, koma yomangidwa ndi malamulo a mulingo wa dziko lonse wotchedwa ISO 19005. Mfundo yake ndi imodzi: chilichonse chofunika kuti tsamba lioneke momwe linkaonekera chikhale m'kati mwa fayilo momwemo. Zili ngati munthu wopita kumudzi kopanda golosale, amene amanyamuliratu zonse m'chikwama chake.

Pachifukwa chimenechi, mafonti onse ogwiritsidwa ntchito amayenera kulowetsedwa mufayilo. Mitundu imayenera kufotokozedwa m'njira yosadalira sikirini kapena pirinta inayake, ndipo nthawi zambiri izi zimachitika poikamo kafayilo ka ICC, monga ka sRGB. Fayilo imayeneranso kunyamula zoifotokoza, zimene akatswiri amati metadeta, zolembedwa mu XMP, ndipo m'menemo ndi momwe imadzitchula kuti ndi PDF/A yamtundu uti. Zoletsedwa ndi kutseka fayilo ndi pasiwedi, JavaScript, mawu omvetsera ndi vidiyo, komanso kafinyidwe kakale kotchedwa LZW. Malinki opita pa intaneti amaloledwa, ngakhale mulingowu sulonjeza kuti kumene akulozako kudzakhala kulipobe.

Apa pali kusamvetsa kumene ndimakumana nako kawirikawiri. PDF/A siteteza chikalata kuti munthu asachisinthe, ndipo si umboni woti chikalatacho n'chenicheni. Munthu akhoza kusintha nambala mu PDF/A n'kuisunganso ili PDF/A. Lonjezo lake ndi la maonekedwe ndi kuwerengeka basi.

2. Funsani amene adzalandire zikalatazo, kenako zigaweni

Musanakhudze kompyuta, funsani kumene zikalatazo zidzathere. Ngati ndi za boma zimene tsiku lina zidzapita kosungira mbiri ya dziko, monga ku National Archives of Malawi ku Zomba, kapena ngati ndi za khoti kapena za bungwe lopereka thandizo limene lili ndi malamulo ake, funsani ngati ali ndi mtundu umene amalandira. Akakutchulirani, tsatirani umenewo ngakhale usiyane ndi zimene ndalemba pano. Kusintha mafayilo masauzande kachiwiri n'kowawa, ndipo kusintha kulikonse kumatsegula mpata woti china chake chiwonongeke.

Kenako gawani zikalata m'milu inayi, chifukwa mulu uliwonse uli ndi njira yake. Woyamba ndi zolembedwa pakompyuta zimene fayilo yake yoyambirira ya Word kapena LibreOffice mukadali nayo. Wachiwiri ndi mapepala ofunika kusikana. Wachitatu ndi ma PDF amene munalandira kuchokera kwina opanda fayilo yoyambirira. Wachinayi ndi zikalata zosainidwa pakompyuta, zimene muyenera kuziika padera osazikhudza mpaka mutafika pa sitepe 7.

3. Sankhani nambala, kenako chilembo

Nambala imasonyeza gawo la mulingo. PDF/A-1 inatuluka mu 2005 ndipo inamangidwa pa PDF 1.4. PDF/A-2 inatuluka mu 2011, PDF/A-3 mu 2012, ndipo zonse ziwiri zinamangidwa pa PDF 1.7. PDF/A-4 inatuluka mu 2020 ndipo inamangidwa pa PDF 2.0. Ambiri akaona manambalawa amaganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino ndipo zakale zinatha ntchito. Sizili choncho. Gawo latsopano silifafaniza lakale. Ngati muli ndi mafayilo a PDF/A-1b amene ali bwino, asiyeni momwemo.

Ndimalangiza 2 m'malo mwa 1 chifukwa cha chinthu chimodzi chachikulu. PDF/A-1 siilola zinthu zoonekera mkati, monga chizindikiro cha ofesi chimene chaikidwa mozimiririka kuseri kwa mawu, kapena chithunzi cha chidindo chimene chakhala pamwamba pa mawu koma mawuwo n'kumaonekabe. Pulogalamu ikakumana ndi zimenezi popanga PDF/A-1, imaziphwatalitsa. Nthawi zina imasandutsa chigawo chonse cha tsamba kukhala chithunzi, ndipo mawu a pamenepo safufuzikanso. Nthawi zina chidindo chimatuluka ndi bokosi loyera limene laphimba mzere wa mawu. PDF/A-2 imalola zoonekera mkatizi, ndiye tsamba limatuluka momwe munalipangira.

PDF/A-3 ndi yofanana ndi 2 m'zonse kupatula chimodzi: imalola kubisa fayilo yamtundu wina uliwonse m'kati mwake. Ku Germany ndi ku France amaigwiritsa ntchito pa mainivoisi a ZUGFeRD ndi Factur-X, momwe tsamba lowerenga munthu limanyamula fayilo ya XML yowerenga makina. Pamenepo n'zothandiza. Koma mulingowu sulonjeza chilichonse pa fayilo yobisidwayo. Mukalowetsa bajeti ya Excel mu PDF/A-3, tsamba la PDF lidzatsegukabe m'tsogolo, koma Excel ija ikhalabe Excel ndi mavuto ake onse, ndipo tsopano yabisika pamene woyang'anira kaundula sangaione. Ine ndimakonda kuti fayilo yoyambirirayo ikhale poyera, pambali pa PDF/A-2 yake, m'foda imodzi. PDF/A-4 ndi yabwino, koma musanaisankhe onetsetsani kuti mapulogalamu a mu ofesi yanu ndi a olandira zikalata amaidziwa.

Chilembo chimasonyeza kuzama kwa lonjezo. Chilembo b chimalonjeza maonekedwe okha. Chilembo u, chimene chili mu 2 ndi 3, chimawonjezera kuti chilembo chilichonse cha mawu chikhale cholumikizidwa ku nambala yake ya Unicode, kuti mawu azifufuzika ndi kukopeka osasanduka zizindikiro zachilendo. Chilembo a chimawonjezeranso kuti fayilo idziwe kapangidwe ka chikalata: uwu ndi mutu, iyi ndi tebulo, ndime iyi imatsatira iyi, chithunzichi chikusonyeza chakuti. Zimenezi zimathandiza kwambiri anthu osaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga mokweza. Koma a imakhala yoona pokhapokha ngati wolemba anakonza chikalata bwino kuyambira pachiyambi, mitu n'kuipanga ndi masitayelo osati kungokulitsa zilembo. Musalonjeze a pa mapepala osikana. PDF/A-4 inasiya zilembo zitatuzi. Ili ndi 4f ya mafayilo obisidwa m'kati ndi 4e ya zojambula za mainjiniya.

4. Pangani PDF/A kuchokera ku fayilo yoyambirira

Ngati fayilo ya Word kapena LibreOffice ilipo, pangani PDF/A kuchokera mmenemo mwachindunji. Musayambe mwapanga PDF wamba n'kudzaisintha pambuyo, ndipo musagwiritse ntchito njira yopirinta kupita ku PDF, chifukwa kawirikawiri imataya kapangidwe ka chikalata ndi malinki ake.

Mu LibreOffice pitani pa File, Export As, Export as PDF, chongani bokosi lotchula PDF/A ndi ISO 19005, ndipo sankhani mtundu pamndandanda umene uli pomwepo. Mu Word pitani pa Save As, sankhani PDF, dinani Options, ndipo chongani bokosi lotchula PDF/A. Word sakupatsani mwayi wosankha nambala, ndipo nambala imene imatuluka imadalira msinkhu wa Word wanuyo, choncho muyenera kuona nokha chimene chatuluka. Pamalo omwewo pali bokosi lina lolembedwa "Bitmap text when fonts may not be embedded". Alipo mafonti ena amene eni ake analetsa kuwalowetsa m'mafayilo, ndipo bokosili limasandutsa mawu a fonti yotere kukhala chithunzi. Njira yabwino ndi kusintha fontiyo m'chikalata musanapange PDF.

Musanadine Save, landirani kapena kanani zosintha zonse zimene anthu anasiya m'chikalata, chotsani ndemanga za m'mbali ngati sizili gawo la mbiri, ndipo lembani mutu weniweni wa chikalata m'malo a Title. Samalaninso ndi deti lodzisintha lokha. Kalata ya mu 2019 imene deti lake linaikidwa kuti lizitsatira tsiku la kompyuta idzatuluka ndi deti la lero, ndipo mudzasunga bodza mu fayilo yokhoza mayeso onse.

Pa ma PDF ochokera kwina mulibe kuchitira mwina koma kuwasintha ndi pulogalamu. Apa ngozi ndi iyi: ngati fonti inasowa mu PDF yoyambayo ndipo pakompyuta yanu palibenso, pulogalamu yosinthayo imatenga fonti ina yofananako n'kuilowetsa. Fayilo imakhoza mayeso, koma maonekedwe asintha. Choncho PDF imene munalandirayo musaitaye.

5. Mapepala osikana

Sikanani pa 300 dpi. Pepala la A4 pa mlingo umenewu limatuluka ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, zokwanira kuti ngakhale tizilembo ta m'munsi mwa tsamba tiwerengeke. Pepala lokhala ndi chidindo, siginecha ya bolopeni kapena mawu a pensulo m'mbali lisikaneni ndi mitundu yake, kapena motuwa. Mukasankha zakuda ndi zoyera zokha, chidindo chofiirira chozimiririka chimatha kusoweratu, ndipo nthawi zambiri chidindocho ndiye chimene chimapatsa pepalalo mphamvu.

Chenjerani ndi batani la sikana lolonjeza fayilo yaing'ono kwambiri. Mu 2013 katswiri wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, anapeza kuti makina ena a Xerox ankasintha manambala pa mapepala osikana, 6 n'kutuluka ngati 8. Chinkachititsa ndi kafinyidwe ka JBIG2, kamene kakaona tizizindikiro tiwiri tofanana kamasunga kamodzi n'kukagwiritsa ntchito ponseponse. Tsamba linkatuluka looneka bwino lopanda banga, koma nambala ili yabodza. PDF/A imalola JBIG2, ndiye mayeso a mulingo sangakugwirireni vuto limeneli. Kuti muone kafinyidwe kamene sikana yanu ikugwiritsa ntchito, lembani:

```
pdfimages -list kalata.pdf
```

Mzati wa enc ukasonyeza jbig2 pa zikalata za ndalama, za malo kapena za malipiro, sinthani makonzedwe a sikana n'kusikananso. Mizati ya x-ppi ndi y-ppi ikuuzani ngati 300 ija inasungikadi.

Tsamba losikana ndi chithunzi chabe mpaka mutaikapo OCR, pulogalamu yozindikira zilembo imene imabisa mawu ofufuzika kuseri kwa chithunzi. Pulogalamu yaulere ya OCRmyPDF imaika OCR ndi kupanga PDF/A nthawi imodzi:

```
ocrmypdf -l eng --output-type pdfa-2 kalata.pdf kalata_a.pdf
```

Pa zikalata za Chichewa musayembekeze zambiri. Pulogalamuyi imadalira Tesseract, imene mwa zinenero zimene imabwera nazo mulibe Chichewa, ndiye mumagwiritsa ntchito Chingelezi. Mawu ambiri amatuluka bwino pa pepala lotayipidwa moyera, koma chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng' zimaphonyeka kawirikawiri. N'chifukwa chake ndimati 2b yakwana pa zosikana: umboni ndi chithunzicho, ndipo mawu obisikawo ndi othandizira kufufuza basi.

6. Tsimikizani, ndi makina komanso ndi maso

Mukatsegula PDF/A mu Adobe Acrobat, pamwamba pamabwera mzere wonena kuti fayiloyi ikudzitchula kuti ikutsatira PDF/A. Anthu ambiri akaona mzere umenewu amati ntchito yatha. Koma mzerewo umangobwereza zimene fayilo yanena yokha mu XMP, pamalo awiri otchedwa `pdfaid:part` ndi `pdfaid:conformance`. Palibe chimene chayesedwa. Pulogalamu ikhoza kulemba 2 ndi B pamenepo fonti ili yosalowetsedwa, ndipo mzerewo udzabwerabe.

Choyesera chimene ndimadalira ndi veraPDF. Ndi chaulere, chinapangidwa pansi pa ntchito ya PREFORMA ya ku Ulaya, ndipo kumbuyo kwake kuli mabungwe a Open Preservation Foundation ndi PDF Association. Chimagwira ntchito pakompyuta yanu popanda intaneti, ndipo zimenezi n'zofunika. Musatumize zikalata za ogwira ntchito, za odwala kapena za milandu ku masamba a pa intaneti olonjeza kuyesa kapena kusintha mafayilo kwaulere, chifukwa simudziwa kumene zikukakhala.

Titenge chitsanzo cha maminitsi a msonkhano wa komiti ya zachuma. Mlembi wawalemba mu Word, wapanga PDF/A, kenako waona kuti anaiwala manambala a masamba. M'malo mobwerera ku Word, watsegula PDF ija m'kapulogalamu kena n'kuikamo "Tsamba 1", "Tsamba 2" m'munsi. Akaitsegula mu Acrobat, mzere uja ukubwerabe. Tiyeni tiiyese:

```
verapdf --format text -v maminitsi.pdf
```

Mukapanda kutchula mtundu, veraPDF imayesa fayilo molingana ndi zimene ikudzitchula. Mukafuna kuiyesa pa mtundu umene ofesi yanu inasankha, wonjezerani `--flavour 2b` kapena `--flavour 2u`. Yankho limayamba ndi PASS kapena FAIL, ndipo likakhala FAIL limatchula nambala ya lamulo limene laswedwa. Pa maminitsi athuwa latuluka FAIL ndi 6.2.11.4.1, lamulo la PDF/A-2 ndi 3 lonena kuti mafonti onse alowetsedwe. Kuti tidziwe fonti yolakwa:

```
pdffonts maminitsi.pdf

name              type          encoding    emb sub uni object ID
ABCDEE+Calibri    CID TrueType  Identity-H  yes yes yes     12  0
Helvetica         Type 1        WinAnsi     no  no  no      41  0
```

Yang'anani mzati wa emb. Calibri, fonti ya maminitsi enieniwo, ili ndi yes. Zilembo zisanu ndi chimodzi zotsogolera dzina lake zikusonyeza kuti zalowetsedwa zilembo zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito, ndipo zimenezi n'zololedwa. Helvetica ili ndi no, ndipo mlembi sanaigwiritsepo ntchito mu Word. Yabwera ndi manambala a masamba aja. Mankhwala ake si kufunafuna pulogalamu yokonza fayilo yowonongekayi. Bwererani ku Word, ikani manambala a masamba mmenemo, pangani PDF/A yatsopano, yesaninso. Kuchokera apa tengani lamulo la ofesi: chilichonse chimene mwachita pa fayilo itakhala kale PDF/A, kaya kuikapo chidindo, kulumikiza mafayilo awiri kapena kuchotsa tsamba, chimafuna kuti muiyesenso.

Malamulo ena amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi ochepa. Nambala 6.2.4.3 imanena za mitundu, ndipo nthawi zambiri imatanthauza kuti kafayilo ka ICC kakusowa, kapena kuti chithunzi china, monga chizindikiro cha ofesi chochokera kwa osindikiza mabuku, chili mu CMYK, mitundu ya makina osindikizira, pamene fayilo yonse inakonzedwera RGB, mitundu ya pa sikirini. Sinthani chithunzicho chikhale cha RGB m'chikalata choyambirira. Nambala 6.1.3 ikhoza kutanthauza kuti fayilo ndi yotsekedwa, ngakhale itseguke popanda kufunsa pasiwedi, chifukwa kuletsa kupirinta kapena kukopa nakonso n'kutseka. Nambala 6.2.11.7.2 imabwera mukamayesa 2u, ndipo imanena kuti zilembo zina zilibe nambala yake ya Unicode.

Tsopano maminitsi akhoza, palembedwa PASS. Apa ndi pamene malangizo ambiri amathera, koma ine ndimati ntchito yafika pakati. veraPDF sinaonepo chikalata chanu choyambirira. Siidziwa kuti tebulo la ndalama linali ndi mizati isanu ndi iwiri ndipo wotsiriza wadulidwa m'mphepete mwa tsamba. Siidziwa kuti tsamba lina linasikanidwa mozondoka kapena kuti sikana inameza mapepala awiri nthawi imodzi. Fayilo ya masamba opanda kanthu ikhoza kupeza PASS.

Choncho tsegulani choyambirira ndi PDF/A mbali ndi mbali. Yambani ndi chiwerengero cha masamba. Kenako yang'anani malo amene amakonda kuwonongeka: matebulo aakulu, chizindikiro cha ofesi, zidindo, mawu a m'munsi mwa tsamba, ndi tsamba lotsiriza, limene limasonyeza msanga ngati fonti yasintha chifukwa mizere imasuntha. Pa zikalata za ndalama sankhani manambala angapo n'kuwayerekeza chimodzichimodzi.

Pomaliza yesani mawu okha. Sankhani ndime imodzi mu PDF, ikopeni, ndipo imateni mu Notepad. Ikatuluka yowerengeka, zili bwino. Ikatuluka timabokosi kapena zilembo zosokonekera, ndiye kuti tsamba likuoneka bwino koma mawu ake safufuzika, ndipo pa 2b zimenezi sizilepheretsa fayilo kukhoza mayeso. Pa zikalata za Chichewa sankhani dala ndime yokhala ndi ŵ. Fufuzani liwu loti Malaŵi ngati linalembedwa choncho m'chikalatamo, ndipo yang'anitsitsani chilembocho patsamba. Mafonti ena alibe ŵ, ndiye Word amabwereka chilembo chimodzicho ku fonti ina mwakachetechete. Mudzachiona chikusiyana ndi zinzake, ndipo pdffonts idzasonyeza fonti imene simukuikumbukira. Ngati yalowetsedwa palibe lamulo laswedwa, koma ndi bwino kusankha fonti yokhala ndi chilembochi kuyambira pachiyambi.

Mafayilo akakhala masauzande simungathe kuyang'ana onse ndi maso. Onse adutse mu veraPDF, chifukwa imatha kuyesa foda yonse nthawi imodzi. Ndi maso yang'anani mafayilo oyamba a mulu uliwonse mosamalitsa, kenako muzitapa ena apa ndi apo, ndipo bwerezani kuyang'anitsitsa nthawi iliyonse imene sikana, pulogalamu kapena munthu wogwira ntchitoyo wasintha. Zikalata za malo, mapangano ndi zigamulo ziyang'anidwe zonse, tsamba ndi tsamba.

7. Zikalata zosainidwa pakompyuta

Siginecha ya pakompyuta yeniyeni, ya satifiketi osati chithunzi cha siginecha, imamangidwa pa fayilo momwe inalili nthawi yosainayo. Kusintha fayilo kukhala PDF/A kumailembanso yonse, ndipo siginecha imafa. Dongosolo lake ndi ili: pangani PDF/A-2, iyeseni, kenako isainidwe, kenako iyeseninso, chifukwa kabokosi koonetsa dzina la wosaina nako kamatha kubweretsa fonti yosalowetsedwa.

Ngati mwalandira pangano losainidwa kale lili PDF wamba, musalikhudze. Lisungeni momwe labwerera. Tsimikizani siginecha yake tsiku lomwelo, satifiketi ya wosaina isanathe nthawi yake, ndipo lembani m'kaundula amene anasaina, tsiku, ndi zimene pulogalamu yotsimikiza inanena. Mukafuna, pangani PDF/A ina yongowerengera, yokhala ndi dzina losonyeza kuti ndi kope. OCRmyPDF imakana yokha kugwira fayilo yosainidwa pokhapokha mutaikakamiza, ndipo ikakana muimvere.

8. Lembani chisankho chanu ndipo sungani makope

Zimene mwasankha zilembeni pa tsamba limodzi limene aliyense wa mu ofesi angalipeze: mtundu wa PDF/A pa mulu uliwonse, makonzedwe a sikana, pulogalamu yopangira, ndi amene amayesa. Lipoti la veraPDF lisungeni pamodzi ndi mafayilo ake.

Disiki ikawonongeka, PDF/A imawonongeka ngati fayilo ina iliyonse. Mukangomaliza kuyesa, tengani chidindo cha manambala cha fayilo iliyonse:

```
sha256sum *.pdf > zidindo.txt
sha256sum -c zidindo.txt
```

Lamulo loyamba limalemba zidindozo, ndipo lachiwiri limayang'ana ngati mafayilo akadali momwe analili. Ngakhale kadontho kamodzi kasinthe, fayiloyo idzasonyeza FAILED. Sungani makope atatu, limodzi likhale m'nyumba ina kutali ndi ofesi, ndipo fulashi ya m'thumba musaiwerengere ngati kope. Kope lililonse lipite ndi `zidindo.txt` yake, ndipo kamodzi pachaka yendetsani lamulo lachiwirilo pa makope onse atatu. Fayilo ikalephera pa kope limodzi, ichotseni n'kuikapo yochokera pa kope limene lakhoza.